Kampani imodzi ma adiresi atatu, ndigwiritse iti?

Nangozo:
Moni nonse pagulu pano. Abale ndithandizeni maganizo mutu waima. Ndinalipira dipoziti ya makina osindikizira malaya ku kampani ina yolembetsedwa ku England, dzina sinditchula, ndiye pano patha masabata 7 makina osatumizidwa, amene ndimalankhula naye amangoti mawa mawa. Ndaganiza zoifufuza bwinobwino kampaniyo kuti ndilembe kalata andibwezere ndalama zanga, koma ndapeza ma adiresi atatu. Pansi pa invoisi pali ya ku London ndi timalemba ting'onoting'ono, pa webusaiti pamene alemba za hedi ofesi pali ya ku Manchester, ndiye munthu ndimacheza nayeyo akuti iye ali ku bulanchi ya ku Leeds komwe kuli weyahausi. Yeniyeni ndi iti pamenepa? Pofufuza ndilembe iti, nanga kalata ndiitumize kuti?

Tiyanjane92:
Achemwali musavutike, hedi ofesi basi. Kumeneko ndi kumene kuli mabwana, bulanchi sangakuthandizeni amangodikira chilolezo kuchokera kumwamba. Ya ku Londonyo mwina ndi yakale sanafufute pa invoisi. Lembani ya Manchester pa Google Maps muone ngati pali chikwangwani chawo, chikakhalapo ndiye kuti kampani ndi yeniyeni.

Mayi a Fatsani:
Ine ndinalembetsa yanga chaka chatha sizinavute, adiresi mutha kuika ya kunyumba kwanu bola mukhale ndi umboni woti mumakhala pamenepo, zinazo amakuuzani okha

Nangozo:
Ayi mayi sindikufuna kulembetsa kampani, ndikufufuza ya eni ake imene ili ndi ndalama zanga

Mayi a Fatsani:
Ooh pepani mwanawe ndinawerenga mothamanga. Koma ndiye zovuta, masabata 7 ndi ambiri

aJere:
A Nangozo, ine ndinagwira ntchito zaka zingapo mu ofesi yosunga mapepala a makampani, ndiye ndiyankhe momwe ndikudziwira. Poyamba penipeni musafufuze ndi adiresi ayi, ngakhale imodzi mwa zitatuzo. Adiresi imasintha, komanso makampani ambirimbiri amatha kugwiritsa adiresi imodzi. Chimene sichisintha ndi nambala ya kampani. Kampani itha kusintha dzina, kusamuka katatu, madailekitala onse kuchoka kubwera ena, koma nambala imene inapatsidwa tsiku lolembetsa imakhala yomweyo mpaka kampaniyo idzathe. Ku UK nambalayi imakhala ya zilembo 8, ndipo lamulo lawo limati iyenera kulembedwa pa makalata a kampani, pa mafomu a oda ndi pa webusaiti, pamodzi ndi dzina lonse lolembetsedwa ndi adiresi ya rejisitadi ofesi. Nthawi zambiri zimakhala pansi penipeni pa tsamba, timalemba ting'onoting'ono mukunenato. Tengani nambala imeneyo mukailembe pa webusaiti ya Companies House, ofesi ya boma yosunga kaundula wa makampani ku UK, kufufuza kumeneko ndi kwaulere, ndiye mutiuze chimene chatuluka.

Za ma adiresi atatuwo, onse atha kukhala oona nthawi imodzi, kungoti iliyonse ili ndi ntchito yake. Ya ku Londonyo ndikukhulupirira ndi rejisitadi ofesi, kutanthauza malo amene kampani inauza boma kuti makalata a boma ndi masamoni a khoti azifikira pamenepa. Palibe lamulo loti antchito azikhala pamenepo kapena malonda azichitikira pamenepo. Hedi ofesi ndi kumene kumakhala oyendetsa kampani tsiku ndi tsiku. Bulanchi ndi malo chabe ogwirira ntchito.

Tiyanjane92:
Koma bambo Jere kampani yabwinobwino ingakhale bwanji ndi ofesi imene kulibe wantchito ndi mmodzi yemwe? Kwa ine chimenecho ndi chizindikiro cha utambwali kale

aJere:
Ayi achimwene, pamenepo ndi pamene anthu ambiri amasocherera. Makampani ang'onoang'ono ambiri amaika adiresi ya akauntanti wawo kapena loya wawo, chifukwa iyeyo ndi amene amayankha makalata a misonkho ndi a kaundula, ndipo mwini kampani safuna kuti adiresi ya kunyumba kwake iziwonedwa ndi aliyense pa intaneti. Ngakhale akuluakulu amasiyanitsa. Lloyds Banking Group rejisitadi ofesi yake ili ku The Mound mumzinda wa Edinburgh, nambala yake imayamba ndi SC kusonyeza kuti inalembetsedwa ku Scotland, koma imayendetsedwa kuchokera ku London. Alphabet, mwini wake wa Google, inalembetsedwa ku Delaware koma likulu lake lili ku Mountain View ku California. Ndiye mukapita pa mapu kukayang'ana chikwangwani pa rejisitadi ofesi mutha osachipeza pa msewu, kampani ili yabwinobwino. Komanso mbali inayo, pa mapu munthu aliyense atha kuikapo bizinesi ndi zithunzi zokongola, mapu sakuuzani kuti kampani ilipo mwalamulo.

Pamene mwalondola ndi poti amene angavomereze kubweza ndalama mwachangu ali ku hedi ofesi, zimenezo zoona ndithu. Koma kupempha ndi kwina, kuyamba njira ya lamulo ndi kwinanso.

Nangozo:
Ndapita pa Companies House koma ndasokonezeka kuposa poyamba. Ndinayamba ndalemba dzina lili pa webusaiti yawo, zatuluka kampani ziwiri zofanana mayina, ina kumapeto kuli Holdings Limited ina kuli Sales Limited. Ya Holdings ndi imene ili ndi adiresi ya ku Manchester ija. Kenako ndalemba nambala ya pa invoisi monga mwanenera yatuluka ya Sales yokha. Koma pamene alemba Registered office address sipali ya London imene ili pa invoisi yanga, pali ina ya ku London komweko koma msewu wina. Ndiye yakhala adiresi yachinayi tsopano

Bambo a Dalitso:
Nkhani yanuyi yandikumbutsa yanga. Ine ndinagwirapo ntchito pa malo ena ogulitsira katundu, chikwangwani cha kampani yaikulu yodziwika, yunifolomu ya kampani yomweyo, ife tonse tinkadziwa kuti ndife bulanchi. Atandichotsa osandipatsa malipiro a miyezi iwiri ndinalemba kalata ku hedi ofesi, ndinadikira mwezi wathunthu, yankho linabwera loti bambo inu simunakhalepo wantchito wathu, malo amenewo ndi a kampani ina imene imangolipira kuti izigwiritsa dzina lathu. Nditabwerera kukayang'ana pa peyisilipi ndinapezadi dzina lina limene sindinkalilabadira zaka zonsezo, ndinkangoona ngati ndi la amene amasindikiza mapepalawo. Mwezi wonse unapita pachabe ndipo mpaka lero zimandiwawa. Ndiye mwanawe yang'anitsitsani dzina lili pa pepala, osati pa chikwangwani

aJere:
Zikomo bambo a Dalitso, mwafika pa mtima pa nkhaniyi. Mawu oti bulanchi timawagwiritsa pa zinthu zitatu zosiyana. Bulanchi yeniyeni si munthu payokha pamaso pa lamulo, ili ngati dzanja la kampani, ilibe nambala yakeyake ya kampani, ngongole yake ndi ngongole ya kampani yonse, ndipo simungaisumire payokha. Koma pali kampani yaing'ono imene masheya ake ndi a kampani ina, imeneyo ili ndi nambala yake, madailekitala ake, ngongole zake. Ndiye palinso zimene zinakuchitikirani inuzo, munthu wapadera wogula chilolezo chogwiritsa dzina la eni ake. Panja zonse zitatu zimaoneka chimodzimodzi, chikwangwani chomwecho mtundu wa penti womwewo.

Tsopano a Nangozo, zimene mwapezazi ndi zofunika kwambiri musadandaule kuti mwasokonezeka. Invoisi yanu ili ndi nambala ya Sales Limited, ndiye kuti pangano lanu munapanga ndi Sales Limited. Ya Holdings ku Manchester ndi kampani ina pamaso pa lamulo ngakhale eni ake atakhala anthu omwewo okhala pa desiki imodzi. Mukanalemba kalata yanu pa dzina la Holdings potengera kuti ndiko ku hedi ofesi, akanatha kukuyankhani monga anayankhidwira bambo a Dalitso. Tsimikizaninso pa pepala la ku banki lija munatumizira ndalama, dzina la akaunti yolandira linali liti? Ndiye pa tsamba la Sales lomwelo dinani pa Filing history muwerenge mizere yoyambirira, mundiuzenso zimene zalembedwa pa Company status.

Nangozo:
Akaunti inali ya Sales Limited yomweyo, ndaona pa risiti. Company status palembedwa Active. Mu Filing history mzere wapamwamba pali AD01 ndipo akuti Registered office address changed from adiresi ija ili pa invoisi yanga to yatsopanoyi, ndipo zachitika masiku 9 apitawa. Iii ndiye akuthawatu anthuwa? Ndayesanso kufufuza adiresi yatsopanoyo pa advanced search yawo yatulutsa makampani mazanamazana pa nyumba imodzi, manja akunjenjemera pano

Tiyanjane92:
Mwaonatu, ndimanena ine. Mazanamazana pa nyumba imodzi komanso kusamuka pamene ali ndi ndalama za munthu

Chikondi_M:
Dekhani kaye achemwali. Ine ntchito yanga ndi yokonza mndandanda wa masapulaya ndipo ma adiresi otere ndimakumana nawo tsiku lililonse. Pali makampani amene bizinesi yawo ndi yomweyo, kubwereketsa adiresi ndi kulandirira anzawo makalata, amawasikana kapena kuwatumiza kwa eni ake. Pali nyumba ina ku Cayman Islands yotchedwa Ugland House imene lipoti la boma la America la 2008 linapeza kuti panalembetsedwa makampani ndi mabungwe 18,857. Ndiye mazana si zodabwitsa. Sindikunena kuti anthu anuwo ndi oyera, ndikungoti chiwerengerocho pachokha sichikuuzani kanthu, kaya zabwino kaya zoipa

aJere:
A Chikondi anena zoona. Kusintha rejisitadi ofesi nthawi zambiri kumangotanthauza kuti asintha akauntanti. Chimene chikanandidetsa nkhawa ine ndi zinthu zina. Ngati mu Filing history mukuona AD01 katatu kanayi m'chaka chimodzi, pamenepo pali fungo. Ngati patsamba loyamba pali chenjezo loti maakaunti kapena confirmation statement, pepala la chaka ndi chaka lotsimikiza kuti zolembedwa mu kaundula ndi zolondola, yapitirira nthawi osaperekedwa, ndiye kuti palibe akusamalira mapepala. Ngati pa status pawonjezeredwa mawu oti Active proposal to strike off ndiye kuti kampani ili panjira yofufutidwa mu kaundula, ndipo pamenepo muyenera kuthamanga kukaletsa ngati munthu amene kampaniyo ili naye ngongole, chifukwa chidziwitso chikatuluka mu Gazette, nyuzipepala ya zidziwitso za boma, pamangodutsa miyezi iwiri kuti athe kuifufuta, ikafufutidwa mulibenso womusumira pokhapokha ibwezeretsedwe, ndipo imeneyo ndi ntchito ina yaikulu. China ndi choti mukaona adiresi yasanduka ya Companies House eni ake ku Cardiff, ndiye kuti a kaundula anapeza kuti adiresi imene kampani inapereka si yoyenera ndipo anaichotsa. Inu mwati Active basi ndipo AD01 mwaona imodzi, ndiye pakadali pano palibe chimene chikusonyeza kuthawa.

Tsopano za masiku 9 aja, tiwerengere limodzi chifukwa apa pali kalamulo kamene anthu sakadziwa. Companies Act 2006 gawo 87 limati kampani ikasintha rejisitadi ofesi, munthu atha kuperekabe mapepala pa adiresi yakale kwa masiku 14 kuyambira tsiku limene kusinthako kwalembedwa mu kaundula, ndipo zimawerengedwa kuti kampani yalandira. Inu papita 9, ndiye kwatsala masiku 5 kapena 4 malinga ndi momwe mwawerengera tsiku loyambalo. Kalata yochokera kutali singadalirike kufika m'masiku amenewo. Ndiye ya pa invoisi ija iwalani, inali yoona tsiku limene invoisi inasindikizidwa koma lero yatha ntchito. Gwiritsani imene ili pa kaundula lero, ndipo tsiku lotumiza kalatalo mukayang'anenso kachiwiri mujambule sikilinishoti yoonetsa deti, kuti mawa wina asadzati munatumiza kolakwika.

Nangozo:
Ndayang'ana, AD01 ina inali zaka 4 zapitazo, chenjezo la maakaunti palibe. Mtima wakhalako pansi pang'ono. Ndiye ndilembe kalata imodzi yokha ku London yatsopanoyo? Koma ngati kumeneko kuli anthu ongolandira makalata a makampani mazana ndiye kalata yanga idzawerengedwa ndi ndani, si ingokhala mu bokosi?

aJere:
Funso labwino, ndipo ndi chifukwa chake sindingati sankhani imodzi mutaye zinazo. Kalata ndi imodzi, dzina pamwamba ndi limodzi, la Sales Limited lonse monga lalembedwera pa kaundula osadula chilembo, pansi pake nambala ya kampani. Yoyamba ipite ku rejisitadi ofesi kudzera njira imene wolandira amasainira, risiti musunge. Imeneyi ntchito yake ndi umboni. Gawo 1139 la lamulo lomwe lija limati pepala litha kuperekedwa kwa kampani polisiya kapena kulitumiza pa positi ku rejisitadi ofesi, ndiye akapanda kuwerenga vuto ndi lawo, iwo ndi amene anasankha adiresiyo. Ndipo kuyambira pa 4 Malichi 2024 lamulo lawo linakhwima, rejisitadi ofesi iyenera kukhala malo amene kalata ikafika ingayembekezeke kufika m'manja mwa munthu woimira kampani komanso pamene wina angasainire kuti yalandiridwa, bokosi la ku positi lokha silikuloledwanso.

Kope yachiwiri ipite ku Manchester, ntchito yake ndi yoti anthu amene ali ndi mphamvu pa ndalama aione msanga. Dinani pa People pa makampani onse awiri, mwina mupeza dailekitala mmodzi ali konsekonse, lembani dzina lake pa envulopu. Yachitatu mutumizireni pa imelo munthu wa ku Leeds uja, kuti adziwe kuti nkhani yachoka m'manja mwake. Ndaonapo kangapo kuti katundu amene ankati mawa mawa amapezeka sabata yomweyo wa ku bulanchi akangoona kuti akumwamba alembedwa.

Koma musanatumize chilichonse werengani mapepala a pangano anakupatsani pogula, kaya ali kumbuyo kwa invoisi kaya pa webusaiti. Nthawi zambiri mumakhala ndime ya mutu woti Notices imene imanena kumene zidziwitso za panganolo ziyenera kupita ndi njira yake. Ikatchula adiresi inayake, tsatirani imeneyo pa nkhani yothetsa pangano, kenako muwonjezere rejisitadi ofesi.

Mayi a Fatsani:
Ine ndikungophunzira nawo. Moti yanga ija ndinaika ya kunyumba ndiye ndikasamuka ndiyenera kukawauza eti? Chifukwa tikufuna kusamuka mwezi wa mawa ndipo sindinaganizeko

aJere:
Eya mayi, mukauze a kaundula a dziko limene munalembetsako, masiku amene amapereka amasiyana dziko ndi dziko ndiye mufunse komweko. Kuopsa kwake ndi koti masamoni atha kufika pa nyumba yakale, inu osadziwa, mlandu nkuweruzidwa inu kulibe, ndipo kunena kuti ndinasamuka sikukuthandizani kwenikweni poti adiresi munapereka nokha.

Chikondi_M:
Bambo Jere ndilowetseko yanga poti ikugwirizana. Vuto langa ine si kusumira munthu koma ma dupuliketi. Sapulaya mmodzi amapezeka kanayi mu sisitemu chifukwa aliyense wolowetsa anatenga adiresi imene inali pa pepala limene anagwira, wina ya weyahausi wina ya hedi ofesi, ndiye pakutha pa chaka ripoti imaonetsa ngati tinagula kwa anthu anayi. Chimene chinandithandiza ndi kuona momwe a ku France amachitira. Kampani iliyonse ili ndi nambala ya SIREN ya manambala 9, ndiye malo alionse amene kampaniyo imagwirirako ntchito ali ndi SIRET ya manambala 14, oyambirira 9 ndi SIREN yomweyo kenako 5 osonyeza malowo. Ukaona ma invoisi awiri ma adiresi osiyana umangofananiza manambala 9 oyambawo, akafanana ndi kampani imodzi, nkhani yatha. Ndinatengera nzeru yomweyo, mzere umodzi pa nambala ya kampani, ma adiresi onse pansi pake aliyonse ndi chizindikiro cha ntchito yake. Komanso amene ali ndi LEI, nambala ya zilembo 20 yozindikirira makampani padziko lonse, mukawafufuza pa webusaiti ya GLEIF, bungwe loyang'anira nambalazi, mumapeza adiresi ya lamulo ndi ya likulu zitalembedwa padera. Koma makampani ang'onoang'ono ambiri alibe LEI ndiye musadalire.

Pamene timakanganabe ndi anzanga ndi pa bokosi la dziko kapena mzinda, sisitemu imalola limodzi lokha. Ine ndimati tiike la rejisitadi ofesi poti ndi lokhalo tingatsimikize, anzanga amati ndiye mapu athu a masapulaya aziwonetsa kuti theka la katundu limachokera mu ofesi za ma akauntanti

aJere:
Anzanuwo sakulakwa a Chikondi. Ngati funso la ripoti ndi loti katundu amachokera kuti, rejisitadi ofesi ikunamizani. Ngati funso ndi loti tikakangana tikasumira ndani pansi pa malamulo a dziko liti, ya weyahausi ikunamizani. Ine ndikanalimbana ndi amene anapanga sisitemuyo awonjezere bokosi lachiwiri, koma ndikudziwa kuti kunena nkosavuta.

Chikondi_M:
Tinapempha kale chaka chatha mpaka pano zii. Pakadali pano ndimaika ya kaundula ndiye inayo ndimailemba mu manotsi, koma manotsi salowa mu ripoti ndiye mkangano sunathe

Tiyanjane92:
Chabwino ndavomera za nambala, ndinali ndisanaganizepo. Koma pali pamene sindikumvetsabe. Mwati bulanchi ilibe nambala, koma ine ndinafufuzapo banki ina yakunja pa Companies House ndinaona nambala yoyamba ndi BR, si bulanchi imeneyo?

aJere:
Mwaona bwino achimwene, ndinafupikitsa kwambiri. Zimene ndinanena zija ndi za kampani imene yatsegula nthambi m'dziko lomwelo inalembetsedwa, ngati ya ku Leeds ya a Nangozoyi, imeneyo simuipeza payokha pa kaundula. Koma kampani yakunja ikatsegula malo ku UK imayenera kulembetsa, ndiye kampaniyo imapatsidwa nambala yoyamba ndi FC ndipo malowo amapatsidwa yoyamba ndi BR. Nambala ya BR siipanga bulanchiyo kukhala kampani payokha, amene mukupanga naye pangano ndi kampani yakunja ija, ndipo mbiri yake yonse mukaipeza ku kaundula wa kwawo. Ubwino wake ndi woti pamakhala adiresi ya m'dzikomo ndi dzina la munthu wololedwa kulandira mapepala m'malo mwa kampani, simuvutika kutumiza kunja.

Bambo a Dalitso:
Nanga bambo Jere tinene kuti ya Sales ija ilibe ndalama mu akaunti, zonse amakokera ku Holdings, mwanayu sangapite kwa a Holdings poti eni ake ndi amodzi? Chifukwa ine zimenezi ndi zimene zinandipweteka, dzina lalikulu lili pakhomo koma pa nthawi yolipira akuti sitikukudziwani

aJere:
Bambo pamenepo ndi povuta ndipo sindikufuna kumulonjeza zimene kulibe. Mwa chizolowezi ayi, kampani iliyonse imasenza ngongole zake, kukhala ndi masheya mu kampani ina sikukupangitsa kulipira ngongole zake. Zimasintha ngati a Holdings anasainira kuti adzalipira iwo mnzawoyo akalephera, kapena ngati mapepala akusonyeza kuti pangano linali ndi iwowo. Nchifukwa chake ndinafunsa za dzina la akaunti. Makhoti amatha kuboola khoma limeneli koma kawirikawiri ayi, ndipo imeneyo ndi nkhani ya loya wa ku England woona mapepala enieniwo, osati ya pagulu pano.

Chikondi_M:
Koma kotesheni inachokera kwa ndani achemwali? Ndaonapo kotesheni ili pa pepala la kampani ina invoisi nkubwera pa dzina lina, ndiye pamenepo sizidziwika bwino kuti pangano linamangidwa ndi uti

Nangozo:
Ndabwerera mu ma imelo. Kotesheni ili ndi logo yokha ndi dzina la malonda lija lopanda Limited, adiresi ya Manchester, nambala palibe. Invoisi ndi akaunti ndi za Sales. Pa webusaiti pansi penipeni palembedwa kuti dzinalo ndi trading name ya Sales Limited ndipo nambala ndi yomweyo ya pa invoisi, koma adiresi adakali ndi yakale ija sanasinthe. Mu ndime ya Notices akuti zidziwitso zipite ku registered office ya wogulitsa mwa kalata, za imelo sanatchule

aJere:
Ndiye zinthu zitatu zikuloza kumodzi, invoisi, akaunti ndi webusaiti, ndipo dzina la pa kotesheni ndi dzina la malonda chabe la Sales yomweyo. Lembani pa dzina la Sales Limited. Poti ndimeyo sinatchule msewu koma yangoti rejisitadi ofesi, ndiye kuti ndi imene ili pa kaundula tsiku lotumiza, yatsopanoyo. Imelo tumizani ndithu koma muitenge ngati yongothamangitsa nkhani, pepala lipitebe. M'kalatamo mutchule nambala ya invoisi, tsiku munalipira, ndalama zake, tsiku analonjeza kutumiza, ndi tsiku lenileni limene mukufuna ndalama zikhale zitabwerera, masiku 14 anthu ambiri amapereka. Musalembe zaukali, kalata imeneyi mwina idzawerengedwa ndi woweruza.

Tiyanjane92:
Ine ndikanaimbabe foni ku Manchester mawa m'mawa kalata isananyamuke, mwina ndi munthu wa ku Leeds yekhayo amene akubisa kuti analakwitsa oda, akuluakulu sakudziwa nkomwe

Bambo a Dalitso:
Foni ilibe umboni achimwene, ine ndinaimba kambirimbiri ndipo aliyense ankati tikuimbirani

Tiyanjane92:
Sindikuti asalembe bambo, ndikuti achite zonse, akatha kuimba alembe imelo yonena zimene agwirizana pa foniyo ndi dzina la amene walankhula naye

Nangozo:
Ndichita choncho, kalata ndikulemba usiku uno ndiitumize mawa ku London yatsopano ndi kope ku Manchester, foni ndiimba ndikachoka kotumizako. Pa People ndapezadi mayi mmodzi ali dailekitala ku makampani onse awiri ndiye kope ya Manchester ndilemba dzina lawo. Bambo Jere chatsala chimodzi, pafupi ndi dzina la mayiwo pali Correspondence address inanso yosiyana ndi zonse zija, imeneyonso nditumizeko kapena ndiisiye?

aJere:
Imeneyo isiyeni kaye, ndi yolandirira makalata a mayiwo ngati dailekitala, ngongole yanu ili ndi kampani osati iwo. Masiku 14 akatha osayankhidwa mubwere mutiuze, ndipo masiku amenewa muziyang'ana Filing history kamodzi pa sabata, kapena dinani Follow this company azikutumizirani imelo pakalowa pepala latsopano.